Kwatsala Mlungu Umodzi Koma Pulobabiliti Ikukanabe Kulowa: Chochita Kuyambira Lolemba

Vutoli limabwera semesita iliyonse ndipo nkhope yake siisintha. Wophunzira wa chaka choyamba amatsatira bwino sitatisitikisi koyambirira. Mini amaipeza, mediyani amaipeza, histogiramu amajambula yooneka bwino. Koma akangofika pa funso lofuna mwayi woti chinthu chichitike, mutu umaima. Mafomyula ali nawo pamtima, chomwe sakudziwa n'choti atole iti. Aphunzitsi akamasova pabolodi zonse zimamveka, koma akakhala yekha ndi pepala, cholembera chimangozungulira m'manja.

Ngati ndi mmene mulili, ndipo mayeso ali Lolemba la mlungu wamawa, musayambenso kuwerenga manotsi kuchokera tsamba loyamba. Mwa ophunzira omwe ndakhala nawo pansi, ambiri savutika ndi kuwerengera. Amavutika ndi kusandutsa chiganizo kukhala fulakishoni, makamaka kudziwa nambala yoyenera kukhala pansi pa mzere. Zimenezi n'zotheka kuzikonza m'masiku ochepa, ndipo ndi pomwe ndondomeko iyi yatsamira. Ndikuwerengera kuti muli ndi maola anayi kapena asanu pa tsiku, popeza mayeso enanso akukudikirani.

Lolemba: pezani pomwe pakudwala

Tengani pepala la mayeso akale a kosi yanu, lomwe simunalionepo. Ikani wotchi, tsekani manotsi, lembani kwa ola limodzi ndi theka. Zidzakhala zowawa, koma musadumphe sitepe iyi. Mukamaliza, chongani ndi mayankho ngati alipo, kapena ndi mnzanu amene amaitha kosiyi. Cholinga si kuona malikisi. Pafunso lililonse lomwe mwalakwa, lembani pambali chilembo chimodzi mwa zitatu izi: K ngati simunadziwe n'koyambira komwe, F ngati munayamba koma ndi fomyula yolakwika, W ngati njira inali yolondola koma mwaphonya powerengera kapena powerenga tebulo.

Zilembozi ndizo zikuuzeni kogawira nthawi. Munthu wa ma K ambiri akhalitse pa ntchito ya Lachiwiri ndi Lachitatu, ngakhale zitamudyera gawo la Lachinayi. Wa ma F ambiri vuto lake lili pa kusiyanitsa mitundu ya mafunso, choncho Lachinayi ndilo tsiku lake lalikulu. Wa ma W ali pabwino kuposa mmene akuganizira: akufunika kalikuleta yake, tebulo lake ndi kubwereza.

Tsiku lomweli yalani mapepala akale onse omwe mungapeze, muone mitu yomwe imabwerabwera ndi malikisi ake. Onaninso ngati mumapatsidwa pepala la mafomyula m'chipinda cha mayeso. Ngati limaperekedwa, musataye ngakhale ola limodzi kuloweza zomwe zili pamenepo.

Lachiwiri: funso lake ndi lakuti "mwa ndani?"

Tsiku ili ndilo mtima wa mlungu wonse, ndiye tikhalapo pang'ono.

Chizindikiro cha matendawa n'chakuti P(A ∩ B), P(A|B) ndi P(B|A) zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Mankhwala ake ndi kusiya kaye mafomyula n'kuyamba kuwerenga anthu. Nachi chitsanzo, manambala ake ndi ongopeka kuti tiphunzirire. Kalasi ili ndi ophunzira 200. Ena amagona kuhositelo, ena amachita lendi kunja kwa sukulu. Tsiku lina tinawerenga amene anachedwa kalasi ya m'mawa.

| | Anachedwa | Sanachedwe | Onse |
|---|---|---|---|
| Okhala kunja | 30 | 90 | 120 |
| A kuhositelo | 10 | 70 | 80 |
| Onse | 40 | 160 | 200 |

Tasankha wophunzira mmodzi mwachisawawa. Mwayi woti anachedwa ndi wotani? Musanalembe kanthu dzifunseni kuti tikusankha mwa ndani. Mwa onse 200. Ochedwa alipo 40, ndiye yankho ndi 40/200 = 0.2.

Nanga mwayi woti amakhala kunja komanso anachedwa? Tikusankhabe mwa onse 200, ndipo omwe ali ndi zonse ziwiri ndi 30. Yankho ndi 30/200 = 0.15.

Tsopano funso lisinthe pang'ono. Tauzidwa kale kuti wophunzirayo amakhala kunja. Mwayi woti anachedwa ndi wotani? Apa a kuhositelo onse atuluka m'nkhaniyi. Phimbani mzere wawo ndi chala. Otsala ndi 120, ndipo mwa iwo ochedwa ndi 30, choncho 30/120 = 0.25. Litembenuzeninso: tauzidwa kuti anachedwa, mwayi woti amakhala kunja ndi wotani? Pano phimbani onse omwe sanachedwe. Otsala ndi 40, okhala kunja mwa iwo ndi 30, ndiye 30/40 = 0.75.

Taonani bwino mayankho atatu omalizawa. Pamwamba pa mzere pali 30 paliponse. Chomwe chasintha ndi nambala ya pansi yokha: 200, 120, 40. Kusiyana konse kwa P(A ∩ B), P(A|B) ndi P(B|A) kwathera pamenepa. Chomwe chalembedwa kumanja kwa kamzere koimirira ndicho chomwe mwauzidwa kale, ndipo ndicho chimapita pansi. Fomyula ya m'buku ija,

P(A|B) = P(A ∩ B) / P(B)

ikungonena zomwe mwachita ndi chala chanu. Yesani, A akhale kukhala kunja ndipo B akhale kuchedwa: 0.15 kugawa ndi 0.2 ikupereka 0.75, yankho lomwe lija.

Patebulo lomweli mungathe kuchiza matenda ena awiri. Oyamba ndi a "kapena". Mwayi woti wophunzira amakhala kunja kapena anachedwa ndi wotani? Ambiri amaphatikiza 120 ndi 40 n'kupeza 160. Koma anthu 30 aja ali m'magulu onse awiri, ndiye tawawerenga kawiri. Tichotsepo kamodzi: 120 + 40 − 30 = 130, ndipo 130/200 = 0.65. Ndicho chifukwa chake fomyula ya P(A ∪ B) imachotsera P(A ∩ B) kumapeto.

Achiwiri ndi osokoneza zinthu zosadalirana ndi zinthu zosatheka kuchitikira pamodzi. Izi si zofanana ngakhale pang'ono. Kugona kuhositelo ndi kukhala kunja sizingachitikire munthu mmodzi nthawi imodzi; palibe bokosi la anthu otero, ndiye P(A ∩ B) = 0. Kusadalirana ndi nkhani ina: kumatanthauza kuti kudziwa chimodzi sikusintha mwayi wa chinzake. Kodi kuchedwa ndi kukhala kunja n'zosadalirana? Mwayi wochedwa kwa aliyense unali 0.2, koma titadziwa kuti munthuyo amakhala kunja unakwera kufika 0.25. Wasintha, choncho zimadalirana. Pamayeso lembani m'njira yomwe ochonga amaiyembekezera: mwayi wokhala kunja ndi 120/200 = 0.6, ndiye P(A) × P(B) = 0.6 × 0.2 = 0.12, pomwe P(A ∩ B) = 0.15, ndipo ziwirizi sizikufanana. Chenjezo langa lalikulu pa tsikuli ndi ili: musachulukitse P(A) ndi P(B) pokhapokha funso lanena kuti n'zosadalirana kapena mwatsimikiza nokha. Malikisi ambiri amathera pa kuchulukitsa kwa chizolowezi kumeneku.

Ntchito ya tsikuli ikhale mafunso khumi kapena khumi ndi awiri a mtundu uwu. Pa lililonse, musanagwire kalikuleta, lembani pamwamba kuti A ndi chiyani, B ndi chiyani, kenako lembani funsolo m'zizindikiro. Ngati chiganizo cha Chingelezi chikukuzunguzani, chineneni mokweza m'Chichewa ngati mukufunsa mnzanu: "mwa anthu amene anachedwa aja, angati amakhala kunja?" Mukangotha kunena "mwa", nambala ya pansi mwaipeza.

Lachitatu: Bayes popanda mantha, ndi nkhani yobwezera

Funso la Bayes limadziwika ndi kaonekedwe kake. Limakupatsani maperesenti atatu kapena anayi, kenako limafunsa chammbuyo: chinthu chachitika kale, kodi chachokera kuti? Fomyula yake ndi yaitali ndipo wofooka pa pulobabiliti amasochera pakati. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yobwerera ku tebulo la dzulo, pongoganizira kuti zinthuzo zilipo 1000.

Mwini golosale amagula mazira ku mafamu awiri. Famu A imamupatsa 60 peresenti ya mazira ake, ndipo 2 peresenti mwa amenewa amafika osweka. Famu B imamupatsa 40 peresenti, ndipo 5 peresenti mwa awa amafika osweka. Watola dzira limodzi n'kupeza kuti ndi losweka. Mwayi woti lachokera ku famu B ndi wotani?

Tiyerekeze mazira 1000. A ku famu A ndi 600, ndipo osweka ndi 2 pa 100 alionse, kutanthauza 12. A ku famu B ndi 400, osweka 5 pa 100 alionse, kutanthauza 20. Osweka onse pamodzi ndi 32. Tsopano funso lija: mwa ndani? Tauzidwa kuti dzira ndi losweka, ndiye tikusankha mwa 32. A ku famu B mwa amenewa ndi 20. Yankho ndi 20/32 = 0.625.

Amene amalakwa funsoli nthawi zambiri amalemba 0.05, chifukwa nambalayo ili kale m'funso ndipo ikukhudza famu B ndi kusweka. Koma 0.05 ikuyankha funso lina: mwa mazira a ku famu B, osweka ndi angati? Ife tafunsidwa kuti mwa osweka, a ku famu B ndi angati. Ngati pa funso la Bayes yankho lanu ndi nambala yomwe mwangoikopera m'funso, bwererani, mwatembenuza.

Aphunzitsi ena amafuna kuona fomyula. Palibe vuto: pangani tebulo lanu pambali, kenako lembani (0.4 × 0.05) / (0.6 × 0.02 + 0.4 × 0.05) = 0.020/0.032. Ndi manambala omwe aja, angogawidwa ndi 1000.

Madzulo a tsikuli gwirani mafunso otola zinthu m'thumba, ndipo jambulani mtengo wa nthambi pa lililonse. M'thumba muli mipira 5 yofiira ndi 3 yobiriwira, mukutola iwiri. Ngati woyamba simuubwezera, mwayi woti yonse ikhale yofiira ndi 5/8 × 4/7 = 20/56, pafupifupi 0.357. Ngati mukubwezera ndi 5/8 × 5/8 = 25/64, pafupifupi 0.391. Cholakwika chofala ndi kuchepetsa nambala ya pamwamba n'kuiwala ya pansi, kulemba 4/8 m'malo mwa 4/7. Njira yodzigwira nokha ndi iyi: nthambi zonse zochokera pa mfundo imodzi ziyenera kukwana 1 mukaziphatikiza. Mukalemba 4/8 ndi 3/8 zikupereka 7/8, ndiye mwadziwa kuti penapake palakwika.

Za kuwerenga njira zosanjira ndi zosankhira zinthu, nPr ndi nCr, zipatseni ola limodzi basi. Funso lodzifunsa ndi limodzi: kodi dongosolo lili ndi ntchito? Kusankha anthu 3 mwa 10 kuti apange komiti ndi 10C3 = 120. Kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma mwa anthu 10 omwewo ndi 10P3 = 720, chifukwa mipando ikusiyana. Mafunso ovuta kwambiri a mutu uwu amadya nthawi yambiri, ndipo pa mlungu umodzi sindingakulangizeni kuwathamangira.

Lachinayi: bayinomiyo ndi Poisson

Apa vuto lili pawiri: kuzindikira mtundu wa funso, ndi kumasulira mawu onena za malire.

Funso ndi la bayinomiyo ngati chiwerengero cha maulendo chadziwika kale, ulendo uliwonse uli ndi zotsatira ziwiri zokha, mwayi sukusintha, ndipo maulendowo sakudalirana. Ndi la Poisson ngati mwapatsidwa avareji ya zochitika pa nthawi kapena pa malo akutiakuti, popanda n, chiwerengero cha maulendo chija. "Njere 10" ndi bayinomiyo. "Odwala atatu pa ola" ndi Poisson.

Mlimi wadzala njere 10, ndipo iliyonse ili ndi mwayi wa 0.2 wolephera kumera. X ikhale chiwerengero cha njere zosamera. Lembani chiganizo chimenechi papepala nthawi zonse, chifukwa ambiri amayamba ndi zosamera n'kumaliza akuwerengera zomera osazindikira. Tsono n = 10, p = 0.2, ndipo:

P(X = 0) = 0.8^10 = 0.1074
P(X = 1) = 10 × 0.2 × 0.8^9 = 0.2684
P(X = 2) = 45 × 0.2^2 × 0.8^8 = 0.3020

Funso likati mwayi woti njere zosachepera ziwiri zilephere, ndiye P(X ≥ 2). Musawerengere kuyambira 2 mpaka 10, nthawi ingakuthereni. Chotsani zosafunika pa 1: 1 − (0.1074 + 0.2684) = 0.6242. Koma funso likati zopitirira ziwiri, 2 nayenso watuluka, ndipo zitatu zija tikaziphatikiza zikupereka 0.6778, choncho yankho ndi 1 − 0.6778 = 0.3222. Taonani kutalikirana kwa mayankho awiriwa chifukwa cha nambala imodzi yokha. Chochita n'chosavuta: lembani 0 1 2 3 mpaka 10 pamzere, zungulizani manambala omwe funso likufuna, kenako onani mbali yaifupi. Zimatenga masekondi ochepa ndipo zimapulumutsa funso lonse.

Pa Poisson msampha uli pa nthawi. Pachipatala china pamafika odwala atatu pa ola mwa avareji. Mwayi woti pasafike aliyense m'mphindi 30 ndi wotani? λ, yomwe ndi avareji yolowa mu fomyula, si 3, chifukwa funso likunena za theka la ola. λ ndi 1.5, ndipo P(X = 0) = e^(−1.5) = 0.2231. Amene wasiya 3 apeza 0.0498. Musanalowetse λ mu fomyula, yerekezani nthawi ya m'chiganizo choyamba ndi nthawi ya m'funso.

Lowezani zinthu zing'onozing'ono izi ngati sizili papepala la mafomyula: mini ya bayinomiyo ndi np, valiyansi yake ndi np(1 − p), pomwe pa Poisson mini ndi valiyansi zonse ndi λ.

Lachisanu: nomo disitiribushoni ndi tebulo lanu

Ndikuti tebulo lanu chifukwa matebulo a z si amodzi. Ena amapereka malo onse a kumanzere kwa z, ena amapereka malo a pakati pa 0 ndi z okha. Yang'anani pa z = 1.50. Mukapeza 0.9332, lanu ndi la mtundu woyamba. Mukapeza 0.4332, ndi la mtundu wachiwiri. Wophunzira amene wakonzekera ndi buku la kulaibulale la mtundu wina, n'kukapeza tebulo la mtundu winanso m'mayeso, amalakwa mafunso onse ndi 0.5 osadziwa chifukwa. Funsani lero kuti mudzapatsidwa tebulo la mtundu uti, ndipo gwiritsani ntchito lomwelo mpaka Lolemba.

Matumba a chimanga amalemera makilogalamu 50 mwa avareji, sitandadi diviyeshoni yake ndi 2. Mwayi woti thumba limodzi lichepere 47 ndi wotani? Jambulani kaphiri ka nomo disitiribushoni, ikani 50 pakati, ikani 47 kumanzere, detsani mbali yomwe ikufunika. Musanawerengere mwaona kale kuti yankho ndi laling'ono, losafika 0.5. Kenako z = (47 − 50)/2 = −1.5, ndipo yankho ndi 1 − 0.9332 = 0.0668. Amene sanajambule amalemba 0.9332 n'kupitirira osakayika, chikhalirecho akunena kuti pafupifupi matumba onse ndi opepuka kuposa 47 pomwe avareji ndi 50.

Samalani ndi kalembedwe ka N(50, 4). M'mabuku ambiri nambala yachiwiriyo ndi valiyansi, ndiye chogawira ndi 2, osati 4.

Chinthu chomaliza cha tsikuli ndicho mlatho wopita ku gawo lotsala la kosi. Funso likanena za thumba limodzi, gawani ndi σ, sitandadi diviyeshoni ija. Likanena za avareji ya matumba angapo, gawani ndi σ/√n. Mwayi woti thumba limodzi lichepere 49 umachokera pa z = −0.5, ndipo ndi 0.3085. Mwayi woti avareji ya matumba 16 ichepere 49 umachokera pa z = −1/0.5 = −2, popeza σ/√n = 2/√16 = 0.5, ndipo ndi 0.0228. N'zomveka: thumba limodzi lopepuka si lachilendo, koma kuti matumba 16 onse pamodzi apepuke chonchi n'zosowa. Mukamvetsa izi, konifidensi intavo ndi kuyesa hayipothesisi sizikhalanso zachilendo, popeza σ/√n yomweyi ndiyo ili mkati mwa zonsezo, ndipo 1.96 mumaiona ija ndi z yongosiya 0.025 kumchira uliwonse.

Malikisi omwe muli nawo kale musawataye

Ngozi ya ndondomeko ngati iyi ndi yakuti munthu amathera mlungu wonse pa pulobabiliti n'kukapunthwa pa zomwe amazitha. Choncho tsiku lililonse, kuyambira Lachiwiri, yambani ndi mphindi 30 za funso limodzi la mini, mediyani ndi valiyansi, kapena la korileshoni ngati ili m'kosi yanu.

Pamphindi zimenezi gwiritsani ntchito kalikuleta yomwe mudzalowe nayo. Iyeseni ndi manambala awa: 2, 4, 6, 8, 10. Mini ndi 6. Kalikuleta ikupatsani masitandadi diviyeshoni awiri: σx = 2.83, yogawa ndi n, ndi sx = 3.16, yogawa ndi n − 1. Pa makalikuleta akale zimalembedwa xσn ndi xσn−1. Funso likanena kuti manambalawo ndi sampulo, yofunika ndi yachiwiriyo. Phunziraninso kufufuta manambala akale musanalowetse atsopano. Ndipo ngati mwazolowera kuwerengera pafoni, siyani lero, chifukwa foni simudzalowa nayo, ndipo batani la nCr si lofufuza muli kale m'mayeso.

Loweruka ndi Lamulungu

Loweruka m'mawa lembani pepala lathunthu lachiwiri, pa nthawi yake yonse, osadzuka. Chongani ndi zilembo zija, K, F ndi W, n'kuyerekeza ndi za Lolemba. Chomwe mukufuna kuona ndi ma K akusanduka ma F kapena ma W. Ngati ma K akadalipo pa mutu umodzi, masana onse apite pa mutu umenewo: sovani funso limodzi mukuyang'ana yankho, tsekani, lisoveninso nokha, kenako tengani lina lofanana nalo. Ngati akadali ponseponse, sankhani. Tebulo la Lachiwiri ndi nomo disitiribushoni ndizo zoyamba, chifukwa zimalowa m'mafunso ambiri; zina mutolepo malikisi a njira.

Amene amapemphera Loweruka angosinthanitsa masiku awiriwa. Ndipo popeza magetsi sadalirika, pepala la nthawi lilembeni kukuwala, usiku musiyire zopepuka.

Kuwerengera pagulu kumathandiza pokhapokha ngati inuyo ndi amene mwagwira choko. Kuonerera mnzanu waluso akusova kumakupatsani mtima woti mwamva, womwe uja unakunamizani m'kalasi. Mupempheni akhale pansi, inu mufotokoze, iye azikuimitsani mukaphonya.

Lamulungu musayambe mutu watsopano. Bwerezani mafunso omwe munalakwa mlungu wonse, manotsi ali otseka, ndipo lembani patsamba limodzi zolakwa zanuzanu, monga "ndimaiwala kusintha λ" kapena "ndimatembenuza P(A|B)". Tsamba limeneli ndilo muwerenge m'mawa wa mayeso. Konzani kalikuleta, chiphaso ndi zolembera, ndipo mugone tulo tokwanira.

Mutu ukaimanso m'chipinda cha mayeso

Yambani ndi mafunso omwe mumawatha kuti malikisi awo alowe m'thumba. Mukafika pa la pulobabiliti n'kuona mdima, musasiye malo opanda kanthu. Tchulani A ndi B, lembani manambala omwe mwapatsidwa m'zizindikiro, jambulani tebulo, mtengo kapena kaphiri. Ochonga ambiri amapereka malikisi pa njira, ndipo nthawi zambiri yankho limaonekera muli mkati mojambula.

Musafupikitse manambala msanga. Sungani manambala anayi pambuyo pa kadontho mpaka kumapeto. Mukapeza yankho, liyeseni ndi mafunso atatu achangu. Kodi lili pakati pa 0 ndi 1? Mukapeza 1.2, kawirikawiri mwawerenga gulu lina kawiri pa funso la "kapena". Kodi P(A ∩ B) yanu ndi yaikulu kuposa P(A) kapena P(B)? Sizingatheke, popeza anthu 30 aja sangachuluke kuposa gulu lomwe achokeramo. Kodi yankho likugwirizana ndi chithunzi chanu, mbali yodetsedwa yaing'ono ndi nambala yaing'ono? Likakanika pa limodzi mwa atatuwa ndipo nthawi yatha, lembani pansi pake kuti mwaona kuti yankholi silingatheke ndi chifukwa chake, kenako pitani pa funso lotsatira.